A Muhiwa a ku Nazale ndi Funso Lawo Lachiwiri

M'mawa uliwonse, belu la esiteti lisanalire, a Ephraim Muhiwa ankakhala pakhonde n'kumanola mpeni. Kanali kampeni kopinda, chigwiriro chake chokulungidwa ndi mphira ya chubu cha njinga. Ankathira timadzi pamwala, kunola mbali iyi, kunola mbali inayo, kenako n'kuyesa pa tsamba la gwafa. Ngakhale tsiku loti sakadula kanthu ankanolabe. Mwalawo unkapuma Loweruka lokha, poti iwo anali a Sabata.

Ine ndinkamva phokosolo ndili m'nyumba. Tinkakhala layini imodzi ya nyumba za kampani, iwo kumapeto, ife khomo lachitatu. Likangomveka ndinkadziwa kuti yakwana nthawi yodzutsa mwana wanga Emma.

A Muhiwa anabadwira pa esiteti pomwepa. Agogo awo ndi amene anachokera ku Mozambiki kudzagwira ntchito m'minda ya tiyi, ndipo banja lonse linakhazikika. Iwo anayamba ndi kuthyola tiyi ngati ife tonse, kenako anawapititsa kopalira, kenako ku nazale komwe amafesa mbande za tiyi. Kumeneko anakhalako zaka makumi atatu ndi chimodzi, zambiri mwa izo ali kapitawo. Tiyi yense wobiriwira amene mumamuona kutsidya kwa damu anadutsa m'manja mwawo ali kanthambi ka tsamba limodzi. Koma eni akewo tiyi sankamwa, mpingo wawo sulimbikitsa. Anthu ankawaseka.

"A Muhiwa, mwalera tiyi wa dziko lonse, kapu imodzi yokha ayi?"

"Nanga akalipentala aja a ku Luchenza okhoma mabokosi a maliro, munamva kuti amagonamo?"

Anali ndi dzina lina lomwe tinkawatchula iwo kulibe. Tinkati a Kenako. Munthu ukawauza nkhani, sankakusiya pomwe wathera. Ankati, "Kenako?" Ukanena kuti zinthu zili bwino, ankati, "Bwino wake wotani?" Akazi awo ankadandaula pampopi kuti ngakhale akanena kuti msika unali wodula, bambowo amafuna adziwe kuti chadula n'chiyani, tomato kapena bonya. Sikuti ankafunsa mokalipa ayi. Ankapendeka mutu, n'kumayang'ana pansi ngati pali kanthu kagwa, n'kudikira.

Ine ndi iwo tinkangopatsana moni. Ankandiitana amake Emma, ine n'kugwada pang'ono, basi. Sindine munthu wolankhula. Sukulu ndinalekeza Sitandade 7, ndipo ngakhale kumeneko aphunzitsi akandiloza ndinkaiwala zomwe ndikuzidziwa.

Ntchito yanga inali ya sizoni. Amatilemba mu Disembala mvula ikayamba, tiyi akamaphuka kwambiri, ndipo mu Meyi kontirakiti imatha. Ikatha, nyumba ya kampani umatulukamo. Bambo ake a Emma amapalasa kabaza ku Luchenza, amagona chipinda chimodzi ndi anzawo awiri, moti kumeneko kunalibe poti ine ndi mwana n'kukafikira. Zaka ziwiri zam'mbuyo ndinkabwerera kumudzi kwa amalume, koma amalume anali atamwalira ndipo munda anagawana ana awo. Chaka chimenecho sindinkadziwa kuti mu Meyi ndilowera kuti.

Kumayambiriro kwa Epulo anamata chidziwitso pa bolodi ya ku sikelo, komwe timayezetsa tiyi. Ku nazale kunkafunika anthu anayi a pemanenti. Ntchito yosatha ndi mvula, nyumba osatulukamo. Ofuna alembe fomu, ndipo kudzakhala intavyu.

Mnzanga Triza, amene tinkathyola mzere umodzi, ndi amene anandikoka dzanja kupita nane kukatenga fomu. Triza ndi wosaopa munthu. Lamlungu anapita ku Luchenza n'kubwera ndi pepala la fotokope lomwe anagula kwa bambo wina wolembera anthu makalata. Pamwamba panalembedwa kuti Mayankho a Intavyu. Panali mafunso khumi ndi mayankho ake, m'Chichewa, ena m'Chingerezi. Pansi panali malangizo atatu: yang'anani bwana m'maso, musanene kuti sindikudziwa, musaulule cholakwa chilichonse chomwe munachitapo.

"Iwe Magi, loweza izi," anatero Triza. "Ukangotsegula pakamwa zizituluka zokha ngati pemphero. Vuto lako umaganiza kaye."

Ndinaloweza. Ndinkanena chamumtima ndikuthyola, dengu lili kumsana. Ine ndine munthu wolimbikira ntchito, wosunga nthawi, womvera akuluakulu. Manja akuthyola masamba awiri ndi nsonga, pakamwa pakuyenda. Pofika sabata yachiwiri ndinaona kuti si ine ndekha, milomo ya anthu ena m'mundamo inkagwederanso chimodzimodzi. Pepala lija linali litazungulira malayini onse.

Tsiku lina madzulo tikutunga madzi, a Muhiwa anadutsa akuchokera ku ntchito. Triza anawaimitsa.

"Bambo, paja pa intavyu mukakhalapo inu. Tatinong'onezaniko mafunso, ife ndi ana anu."

"Mafunso ali ndi Mayi Angella a ku ofesi ya antchito. Ndi asanu, ndipo aliyense adzafunsidwa omwewo."

"Nanga inu mukafunsa chiyani?"

"Ine ndilibe funso langa. Ndimangofunsa pa zomwe munthu wanena yekha."

"Ndiye zosavuta," anatero Triza iwo atapita.

Tsiku la intavyu ndinasiya Emma kwa mayi a khomo loyandikana. Tinalipo anthu makumi awiri ndi atatu, titakhala pa mabenchi kunja kwa ofesi, ena pa udzu. Azibambo ena anavala majekete obwereka, manja ake ofika m'zala. Zenera la ofesi linali lotsekula pang'ono, ndipo munthu akakweza mawu tinkamva. Woyamba anati ndine wolimbikira ntchito, wosunga nthawi, womvera akuluakulu. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu atafika pa wosunga nthawi, bambo wina pa benchi anamalizitsa chapansipansi kuti womvera akuluakulu, anthu n'kuseka m'manja. Koma pambuyo pa mawu olowezawo mawu ankatsika, sitinkamvanso kanthu. Ena ankatuluka msanga. Ena ankakhalitsa.

Triza analowa patsogolo panga. Anatuluka nkhope itasintha, n'kudzakhala pafupi nane akudzipepesa mphepo ndi fomu.

"Mdala uja ndi mfiti," anandinong'oneza. "Ndayankha bwinobwino kuti ntchito ya nazale ndimaidziwa, ndili ndi luso losamala mbande. Iye akuti, tsiku lomaliza lomwe munagwira ku nazale munachita chiyani kuyambira m'mawa? Ndati tinathirira. Akuti, munadziwa bwanji kuti pakufunika madzi? Ndati zimaoneka. Akuti, zimaoneka bwanji? Iii, ine ku nazale ndimangodutsako popita kuchigayo!"

"Ndiye unati chiyani?"

"Ndinayambiranso kuti ndine wolimbikira ntchito. Ukanati ndichite chiyani?"

Ndisanayankhe ndinamva dzina langa. Magdalena Nakoma.

M'katimo munali tebulo, ndipo kuseri kwake kunali anthu awiri. Mayi Angella anali ndi mapepala ndi bolopeni. A Muhiwa anali ndi pepala lawonso, ndi pensulo yaifupi. Ndisanakhale pansi anatembenukira kwa Mayi Angella.

"Mayi awa timakhala layini imodzi. Ndanena kuti mudziwe. Koma ntchito yawo sindinaionepo."

"Ndalemba," anatero Mayi Angella. "Khalani, mayi. Tikufunsani mafunso asanu, omwe tafunsa anzanu. Pena tizikufunsani zoonjezera kuti timvetse. Musathamange. Loyamba: tiuzeni za ntchito yomwe munagwirapo yokhudza mbande."

Ndinayesa kuwayang'ana m'maso monga pepala linanenera, koma maso anga anakathera pa kalendala ya pakhoma. Mawu anatuluka okha.

"Ine ndine munthu wolimbikira ntchito, wosunga nthawi, womvera akuluakulu. Ntchito ya nazale ndimaidziwa ndipo ndili ndi luso losamala mbande."

Mayi Angella anapumira m'mwamba pang'ono. Anali atamva zimenezi kakhumi ndi kasanu tsiku lomwelo. A Muhiwa sanaonetse kanthu. Anapendeka mutu.

"Zikomo. Mwati mumaidziwa. Munaigwirira kuti?"

"Kumudzi kwa amalume. Anali mu kalabu ya alimi ang'onoang'ono a tiyi."

"Liti?"

"Emma asanabadwe. Zaka ziwiri zotsatizana."

"Kumeneko munkachita chiyani?"

"Tinkasamala mbande."

"Tengani tsiku limodzi lobzala. Mwadzuka, mwafika pa nazale. Choyamba n'chiyani?"

Pepala lija linalibe yankho la zimenezo. Ndinafufuza m'mutu, mizere yonse khumi, osapezamo. Ndiye ndinangoona shedi ya udzu ya amalume, mame ali pa pulasitiki.

"Tinkapita kodula nthambi dzuwa lisanatuluke. Tinkaziika m'ndowa ya madzi n'kubwera nazo pamthunzi. Kenako tinkadula makatingi."

Makatingi ndi tizidutswa ta nthambi, kalikonse ka tsamba limodzi, timene timabzala m'machubu n'kuphimba onse ndi pulasitiki ngati tenti kuti timere mizu.

"Mukuti tinka, tinka," anatero a Muhiwa. "Munalipo angati?"

"Asanu ndi mmodzi."

"Mwa asanu ndi mmodziwo, inuyo ndi manja anu munkagwira chiyani?"

Apa ndinakhala chete. Kwathu munthu wamkazi sunena kuti ine ndinachita chakuti pamaso pa akuluakulu, pamene ntchito inali ya gulu ndipo mwini wake anali amalume ako. Amati ukudzitama. Ndinaona ngati akundiuza kuti ndivule mpango. Iwo sanandithandize, sanandiyankhire. Anangodikira. Ndinkamva thirakitala ikudutsa panja, ikupita ku fakitale.

"Ine ndinkadula," ndinatero. "Amalume maso anali atayamba kuvuta, ndiye mpeni anandipatsa ine."

"Pa nthambi imodzi munkatenga pati, n'kusiya pati?"

"Kunsonga kofewa ndinkataya, kumafota. Kumunsi kofiirira kolimba ndinkatayanso, kumachedwa kumera mizu. Ndinkatenga pakati pobiriwira, poti ukapinda pamakana pang'ono koma osathyoka."

Pensulo yawo inayenda. Bolopeni ya Mayi Angella nayonso. Kenako Mayi Angella anawerenga funso lachiwiri, lokhudza kusunga nthawi, ndi lachitatu, lokhudza kugwira ntchito ndi anthu ena. Pa onse awiri ndinayamba ndi mawu a pepala, poti ndi amene anali pafupi ndi lilime, ndipo pa onse awiri a Muhiwa ankati, "Tipatseni tsiku limodzi lomwe zimenezo zinachitika." Ndinawauza za tsiku lomwe mlatho wa mitengo unakokoloka n'kuzungulira njira ya kumtunda kuti ndifike belu lisanalire. Anafunsa kuti ndinafika nthawi yanji. Ndinati ndinachedwabe pang'ono. Analemba, osakwinya nkhope.

Funso lachinayi ndi lomwe ndinkaliopa.

"Tiuzeni za nthawi yomwe ntchito inalakwika m'manja mwanu. Munachita chiyani?"

"Ine ndikakumana ndi vuto sindigwa mphwayi," ndinatero mothamanga. "Ndimadziwitsa akuluakulu mwachangu ndipo ndimagwirizana ndi anzanga kupeza njira."

"Mwatiuza zomwe mumachita," anatero a Muhiwa. "Funso likufuna zomwe munachita. Zaka ziwiri zija kwa amalume anu, chinalakwikapo n'chiyani?"

"Palibe, bambo."

"Chabwino. Chaka choyamba munabzala makatingi angati?"

"Zikwi ziwiri."

"Tsiku lotsekula pulasitiki, amoyo analipo angati?"

Ndinaganiza za mzere uja wa pansi pa pepala, musaulule cholakwa. Ndinaganiza za Emma, ndi za Meyi. Ndikanatha kunena kuti ambiri. Koma ndinadziwa kuti afunsa kuti ambiri ake angati, ndipo bodza la nambala sindikanalikwanitsa pamaso pa munthu amene wakhala akuwerenga machubu moyo wake wonse.

"Sanakwane mazana atatu."

Ndinayembekezera kuti Mayi Angella atseka fayilo. Sanatseke. A Muhiwa anasendeza mpando kubwera kutsogolo.

"Kenako?"

"Anthu a kalabu anati mbewu yake inali yoipa. Ena anati wina watichita chipongwe."

"Inu munati chiyani?"

"Sindinanene kanthu. Koma dothi ndinasakaniza ndine."

Ndiye ndinafotokoza. Ine ndinakulira kudimba, kufesa tomato ndi mpiru. Kudimba mbande imafuna dothi lakuda, lonona, la manyowa. Pamene amalume anati ndikonze dothi la m'machubu, ndinachita zomwe manja anga ankadziwa. Ndinakatuta manyowa a mbuzi, phulusa pang'ono, dothi lakuda la pansi pa nthochi. Ndinkaona ngati ndikuwachitira chifundo makatingiwo. Palibe anandiletsa, poti tonse tinali anthu a kudimba.

"Munadziwa bwanji kuti vuto ndi dothi, osati mbewu monga ankanenera anzanuwo?"

"Ndinazula akufawo kuti tikataye. Kumunsi kwake kunali kwakuda, kowola. Ena anali ndi chotupa ngati kambatata koma opanda muzu. Ndiye ndinayang'ana amoyo aja kuti ali pati. Pafupifupi onse anali mizere iwiri ya kumapeto."

"Mizere imeneyo inasiyana chiyani ndi inzake?"

"Tsiku lodzaza machubu dothi langa linatha. Kunja kunkada, ndiye mizere yomalizayo ndinangodzaza ndi dothi lofiira la pa dzenje lomwe ankakumba chimbudzi. Ndinkadziimba mlandu kuti amenewo ndawamana chakudya. Koma ndi amene anakhala moyo."

Mayi Angella anaseka pang'ono, osati mondinyoza. A Muhiwa sanaseke.

"Munauza ndani?"

"Amalume. Patapita masiku atatu, poti ndinkaopa."

"Anati chiyani?"

"Anakwiya tsiku limodzi. Kenako anaitana alangizi. Alangizi anati inde, katingi safuna manyowa pomwe akumera mizu, ndipo phulusa ndi mdani wa tiyi."

"Chaka chachiwiri inuyo munasintha chiyani?"

"Ndinakumba dothi lofiira la pansi, nditachotsa lapamwamba lonse, kuya kufika m'bondo. Ndinasefa. Pansi pa chubu tinaika dothi wamba, pamwamba lofiira lokhalokha. Ndipo m'mawa uliwonse ndinkayang'ana pulasitiki. Ikakhala ndi timadontho m'kati, ndiye kuti chinyezi chilipo. Ikauma, pali poboola kapena pakufunika madzi."

"Anagwira angati?"

"Pa khumi aliwonse, asanu ndi awiri. Mizere ina asanu ndi atatu."

"Alipo munthu wa kalabuyo amene angatiuze zomwezi titamufunsa?"

Ndinatchula mlembi wa kalabu ndi mudzi wake. Mayi Angella analemba.

Funso lachisanu linali la feteleza wa mbande zikamera, muyeso wake. Pamenepo ndinalibe nkhani, poti ankathira ndi amalume okha. A Muhiwa anafunsa kamodzi ngati ndinaonapo akuthira. Ndinati ndinaona akusungunula m'keni yothirira, koma muyeso sindikudziwa. Sanakakamize. Anati zikomo, Mayi Angella nawo anati zotsatira zidzamatidwa pa bolodi Lachisanu la sabata yamawa.

Nditatuluka, Triza anandikokera kuseri kwa ofesi.

"Wakhalitsatu. Amakufunsa chiyani?"

Ndinamuuza.

"Waulula kuti unapha mbande zikwi ziwiri? Kwa kapitawo wa nazale? Mayo ine! Nanga bwanji sunawauzenso kuti uli ndi dzanja loipa? Ndipo wanena kuti sindikudziwa? Magi, pepala lija unkalowezera chiyani?"

Ndinalira njira yonse yobwerera. Mumtima ndinawakwiyira a Muhiwa. Ndinkati anthu ena onse anena zokoma zokhazokha, ine ndekha andikumba mpaka apeza chowola. Masiku asanu ndi atatu amenewo ndinayamba kulongedza. Mbale zomwe sitinkagwiritsa ntchito ndinazimanga m'chitenje. Ndinatuma uthenga kwa mchemwali wanga ku Nsabwe ngati angandisungeko miyezi ingapo, ndipo yankho silinabwere. A Muhiwa tikakumana pampopi ankangoti, "Mwaswera bwanji, amake Emma?" n'kudutsa. Pankhope pawo sipankawerengeka kanthu.

Lachisanu sindinafune kupita pa bolodi. Ndinayezetsa tiyi wanga, n'kumachoka. Kalaliki wa pa sikelo ndi amene anandiitana.

"A Nakoma, simuwerenga? Kapena mukufuna tikuwerengereni ndi belu?"

Mayina analipo anayi. Langa linali lachiwiri.

La Triza panalibe. Anandigwira dzanja n'kunena kuti zabwino zonse, koma madzulo ake sanabwere kudzacheza monga ankachitira. Mu Meyi anapita kwawo. Anabweranso mu Disembala, ndipo timalankhulana, koma mpaka lero akafuna kundibaya amati, "Paja ena amalembedwa ntchito chifukwa chopha mbande." Ndimangoseka. Pa kuthyola tiyi Triza amandiposa kutali, ndipo ndimadziwa kuti nayenso nyumba ankaifuna ngati ine.

Ndinagwira ntchito pansi pa a Muhiwa miyezi iwiri yokha, chifukwa kumapeto kwa Juni ankapuma pa ntchito. Intavyu ija inali yawo yomaliza. Anthu anayi amene tinasankhidwa tinali osiyana. Mmodzi anali a Fabiano, bambo wolankhula kwambiri, amene nawonso analoweza pepala lija, koma atafunsidwa zoonjezera zinapezeka kuti anagwirapo ku nazale ya mitengo ya bulugamu zaka zinayi. Ndiye sikuti ankasankha anthu amanyazi kapena olakwitsa. Ankafuna zomwe zili kuseri kwa mawu, kaya mawuwo ndi ambiri kaya ndi ochepa.

Tsiku lina tikudzaza machubu pansi pa shedi, ndinalimba mtima.

"Bambo, ndifunseko?"

"Lero ndi inu wofunsa? Funsani."

"Tsiku lija, munkadziwa kuti taloweza?"

"Munthu wachiwiri asanamalize ndinali nditadziwa. Pepala limenelo limabwera chaka chilichonse, amangosintha mutu wake."

"Simunakwiye?"

"Ndikwiyire chiyani? Munthu akufuna ntchito, akuopa, wapeza chogwirira. Kungoti pepalalo limandiuza za amene analilemba ku Luchenza, ndipo iyeyo safuna ntchito kuno. Tikanalekera pa yankho loyamba, nonse makumi awiri ndi atatu mukanapeza mamalikisi ofanana. Ndiye tikanasankha bwanji? Nkhope? Kapena wachibale wa ndani?"

Anatola chubu, kuligogoda pansi kuti dothi likhale, n'kupitiriza. Anati atangokhala kumene kapitawo analemba munthu wina wovala bwino, wa Chingerezi chosalala, amene ananena kuti nazale amaidziwa ngati nyumba yake. Iwo anachita manyazi kumufunsa zambiri, poti munthuyo anali wa Fomu 4 pamene iwo analekeza pulayimale. Itafika nthawi yozoloweza mbande mphepo, yomwe timatsekula pulasitiki pang'onopang'ono kwa masabata angapo, munthu uja anavundukula matenti a pulasitiki asanu ndi imodzi tsiku limodzi, dzuwa lili pamutu. Pofika mawa lake masamba anali atapsa.

"Iye anachotsedwa ntchito. Koma wolakwa ndinali ine. Funso limodzi lokha, lakuti pulasitiki mumatsekula bwanji, likanatipulumutsa tonse awiri."

"Nanga ine mukanandisiya pa yankho loyamba lija?"

"Mukanapita ku Nsabwe ndi zonse zomwe mukudziwa, ife osadziwa kuti mumazidziwa." Anandiyang'ana. "Paja munakhala chete nthawi yaitali pamene ndinati inuyo munkagwira chiyani. Mayi Angella anandiponda phazi kuti ndipite funso lina."

"Bwanji simunapite?"

"Milomo yanu inkagwedera. Amene alibe yankho amayankha msanga, kapena amayang'ana kudenga. Inu munali nalo, mumangoopa kulitulutsa. Ndikanakuuzani kuti kodi munkadula, mukanangoti eya, ndipo sindikanadziwa ngati n'zoona. Ndinafuna lichoke kwa inu."

Ndinati zikomo, bambo. Iwo anati chubu chomwe ndagwiracho sichinadzaze bwino.

M'miyezi iwiriyo anandiphunzitsa muyeso wa feteleza uja, ndi kubzala masamba onse atayang'ana mbali imodzi kuti asaphimbane. Mu Juni anandipatsa tenti yangayanga, makatingi chikwi chimodzi ndi mazana awiri, odula ndekha, dothi losefa ndekha. Tinathirira, kuphimba pulasitiki, n'kukwirira m'mbali mwake ndi dothi kuti mpweya usalowe. Yotsekula inali mu Seputembala, iwo atapita kale.

Tsiku losamuka kampani inawapatsa thirakitala yonyamula katundu mpaka pa msewu waukulu, kuti akakwere galimoto ya ku Thekerani komwe anamanga nyumba. Layini yonse inatuluka. Akazi awo ankalira n'kumaseka nthawi imodzi. A Fabiano anawabweretsera paketi ya tiyi ngati mphatso, anthu n'kufa nako kuseka, ndipo a Muhiwa anailandira ndi manja awiri n'kunena kuti akasungira alendo. Ine ndinaima kumbuyo ndi Emma kumsana, nditanyamula nkhuku yomwe ndinkafuna kuwapatsa koma osadziwa poyambira. Anandiona okha. Analandira nkhukuyo, n'kupatsira akazi awo, kenako anatulutsa pensulo yaifupi ija n'kulemba nambala ya foni pa kachidutswa ka katoni.

"Amake Emma, ndili ndi pempho limodzi."

"Nenani, bambo."

"Mu Seputembala mukamaliza kutsekula tenti yanu ija, mudzandiimbire. Musadzandiuze kuti zili bwino. Mudzawerenge, amoyo angati, akufa angati, ndipo akufawo ali mzere uti."